Musangotumiza linki: kulemba malangizo olowera pa msonkhano wa pavidiyo

M'mabungwe ambiri masiku ano, msonkhano wa Lolemba m'mawa suchitikanso m'chipinda chimodzi. Abwana ali ku likulu ku Lilongwe, alangizi ali ku Ntchisi ndi ku Mchinji, wowerengera ndalama ali panjira, ndipo onse amakumana pa Zoom. Wolembedwa ntchito kumene amangolandira uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi linki ndi mawu akuti "tikumane 9 koloko". Wotumizayo amaganiza kuti wamaliza. Koma ikakwana 9 koloko, mnzathu watsopano uja amaoneka pa sikilini pakamwa pakugwedezeka koma mawu osamveka, anzake onse n'kumakuwa kuti "Simukumveka, mayi!"

Vuto nthawi zambiri silikhala la munthuyo, silikhalanso la netiweki. Limakhala la malangizo. Amene walowa pa msonkhano kambirimbiri zala zake zinazolowera, moti sakumbukiranso kuti pakati pa kudina linki ndi kumveka kwa anzako pali mafunso angapo amene foni imafunsa m'Chingerezi. Malangizo abwino amanena chimene munthu adzaone pa sikilini pa sitepe iliyonse, ndi chimene adzadine akachiona.

Tiyerekeze bungwe lothandiza alimi limene limakumana Lolemba lililonse, ndipo lalemba mlangizi watsopano amene adzalowera pa foni yake ya Android ali kumudzi. Malangizo ake ayenera kumufika Lachinayi kapena Lachisanu, chifukwa zina mwa zofunika sizingachitike Lolemba m'mawa.

Choyamba ndi bandulo. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp chifukwa ndi yotsika mtengo, ndipo foni imaoneka ngati ili pa intaneti: mauthenga akulowa, linki yafika. Koma bandulo imeneyo siyendetsa Zoom. Munthu amadina linki, foni n'kumangozungulira, iye n'kumati netiweki yavuta. Malangizo anene mosabisa kuti pakufunika bandulo ya intaneti yonse, anenenso kukula kwake. Kampani ya Zoom imati mawu okha amafuna liwiro la makilobiti 60 mpaka 80 pa sekondi, zimene pa ola limodzi ndi mamegabaiti 27 mpaka 36. Vidiyo ya gulu ndiye imadya kwambiri, ndipo pa ola ikhoza kupitirira mamegabaiti 500. Choncho kulemba kuti "mukhale ndi gigabaiti imodzi" n'kothandiza kuposa "mukhale ndi bandulo yokwanira". Ngati bungwe limabweza ndalama ya bandulo, zilembedwe pomwepo, chifukwa wantchito watsopano amachita manyazi kufunsa za ndalama sabata yoyamba.

Chachiwiri ndi kuika pulogalamu pa foni. Mu Play Store imapezeka ndi dzina lakuti Zoom Workplace kuyambira 2024, ndipo dzinali lilembedwe ndendende kuti munthu asatenge ina yofanana nayo. Ikatsegulidwa imaonetsa "Sign up" ndi "Sign in", ndipo apa m'pamene ambiri amasochera, n'kuyamba kutsegula akaunti ndi kusakasaka mawu achinsinsi a imelo amene anaiwala kalekale. Chikhalirecho wongolowa pa msonkhano safunika akaunti, kupatula ngati woitanitsa msonkhano anatchera kuti olowa akhale ndi akaunti. Mzere umodzi wonena zimenezi umapulumutsa theka la ola. Akamaliza, ayese foni yake pa adiresi ya zoom.us/test, pomwe pali msonkhano woyeserera wopanda anthu, woti munthu aone ngati kamera, maikolofoni ndi sipika zikugwira.

Tsopano malangizo enieniwo. Mlangizi wathu angalandire zotere:

Msonkhano wa antchito: Lolemba lililonse, 9 koloko m'mawa nthawi ya ku Malawi. Umatenga ola limodzi. Yambani kulowa 8:50.

1. Dinani linki ili m'munsiyi. Foni ikafunsa chotsegulira, sankhani Zoom.
2. Linki ikakana, tsegulani Zoom, dinani "Join meeting", lembani nambala ya msonkhano pamene palembedwa "Meeting ID", kenako mawu achinsinsi pa "Passcode". Zilembo zazikulu muzilembe zazikulu, zazing'ono muzilembe zazing'ono.
3. Pa malo a dzina, fufutani dzina la foni, lembani dzina lanu ndi boma lomwe mukugwirako ntchito.
4. Mudzaona uthenga woti mudikire. Musatuluke. Mlembi adzakulowetsani.
5. Mukalowa, foni idzafunsa za mawu. Sankhani "Wifi or Cellular Data". Ikapempha chilolezo cha maikolofoni kapena kamera, vomerani.
6. Onani chithunzi cha maikolofoni kumunsi kumanzere. Chikakhala ndi mzere wofiira, simukumveka. Dinani pomwepo mukafuna kulankhula, mudinenso mukamaliza.
7. Msonkhano ukatha, dinani "Leave".

Mukakanika pofika 8:55, imbirani mlembi pa nambala iyi. Musadikire 9 koloko.

Mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake, koma wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndiwo amagwetsa anthu.

Za dzina, Zoom pa foni kawirikawiri imaikiratu dzina la foniyo. Ndiye woitanitsa msonkhano amaona kuti pakhomo pali "TECNO SPARK" kapena "Galaxy A12", osadziwa kuti ndi ndani, ndipo ngati ali wosamala sam'lowetsa. Ndipo sakulakwa, poti pa msonkhano wa antchito pamakambidwa za malipiro ndi za anthu. Winanso amalowa ndi dzina la mwana wake amene anagwiritsa ntchito foniyo pa maphunziro. Dzina ndi boma, monga "Mlangizi Banda, Ntchisi", zimathandizanso wolemba kaundula wa opezeka.

Za kudikira, pali mauthenga awiri osiyana amene munthu angaone, ndipo ndi bwino wolemba malangizo awadziwe. Wina umatanthauza kuti woitanitsa sanautsegule msonkhano. Wina umatanthauza kuti msonkhano wayamba koma inu muli m'chipinda chodikirira, chimene Zoom imachitcha "Waiting Room". Pa onse awiri chochita n'chimodzi: kukhala pomwepo. Wosauzidwa amaganiza kuti walakwitsa, amatuluka, n'kulowanso, n'kutulukanso, ndipo dzina lake limazimiririka pa mndandanda nthawi yomwe mlembi akuti alidine.

Sitepe yachisanu ndiye mutu wa nkhani yonse. Pa Zoom, kulowa pa msonkhano ndi kulumikiza mawu ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kuona nkhope za anzake bwinobwino koma osamva kalikonse, iyenso osamveka, chifukwa anatseka kafunso ka mawu kaja osayankha. Ena amaopa mawu akuti "Cellular Data" poganiza kuti awadyera mayunitsi oimbira, chonsecho akungotanthauza bandulo yomwe ija. Chizindikiro chake n'chosavuta: kumunsi kumanzere, m'malo mwa maikolofoni pamaoneka chithunzi cha mahedifoni cholembedwa "Join Audio". Woitanitsa nayenso akhoza kuzindikira ali kutali, pakuti pa mndandanda wa olowa, dzina la munthu wosalumikiza mawu silikhala ndi kamaikolofoni pambali pake. Apa kukuwa kuti "Yatsani maiki!" n'kutaya nthawi, chifukwa munthuyo sakukumvani. M'lembereni pa "Chat" kapena muimbireni.

Batani la maikolofoni nalonso lili ndi msampha wake. Mawu olembedwa pansi pake amanena chimene lidzachite mukalidina, osati mmene zinthu zilili pano. Likalembedwa "Unmute" ndiye kuti panopa ndinu otsekedwa, ndipo likalembedwa "Mute" ndiye kuti aliyense akumva zonse, ngakhale tambala wa kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake m'malangizo aja ndalozera mzere wofiira, poti maso sasokonezeka nawo. Pa foni mabataniwa amabisala pakapita masekondi angapo, choncho onjezani kuti akasowa, munthu angogunda pakati pa sikilini kamodzi.

Mwina mwaona kuti malangizowo ndi a Chichewa koma mayina a mabatani ali m'Chingerezi. Ndi dala. Mukalemba kuti "dinani Lowani", munthu adzafunafuna liwu limenelo osalipeza. Fotokozani m'chilankhulo chimene wantchito amamva bwino, koma batani mulitchule monga lilembedwera pa sikilini, chilembo ndi chilembo. Ndipo popeza pulogalamuyi imasinthidwa pafupipafupi, mawu ena amasinthanso, ndiye wolemba atenge foni m'manja polemba, asalembe za pamtima. Zithunzi ziwiri kapena zitatu za sikilini, zozunguliridwa pa batani loyenera, zimakwanira. Malangizo a pa kompyuta akhale paokha, chifukwa kumeneko batani la mawu limalembedwa "Join with Computer Audio". Kusakaniza ziwirizi pa tsamba limodzi kumachititsa wa foni kusaka zinthu zimene kwake kulibe.

Pali zina zimene si za mabatani koma wobwera kumene amazida nkhawa kuposa mabataniwo. Kodi kamera iyatsidwe? Kodi adzafunsidwa kulankhula? Mizere iwiri imathetsa nkhawayo: "Yatsani kamera popereka moni, kenako mukhoza kuzimitsa. Abwana adzakupemphani kudzitchula dzina, ntchito ndi dera lanu, kwa mphindi imodzi." Kuzimitsa kamera kumachepetsa bandulo ndipo kumathandiza mawu kumveka netiweki ikafooka, ngakhale kuti mavidiyo a ena amapitirizabe kulowa ndi kudya. Ngati pa ofesi ya kuboma anthu awiri akulowa ali m'chipinda chimodzi, mmodzi yekha ndiye alumikize mawu. Apo ayi, sipika ya wina imalowa mu maikolofoni ya mnzake, msonkhano wonse n'kudzaza ndi kulira koboola m'makutu.

Nthawi nayo ilembedwe ndi dziko lake ngati bungwe lili ndi anzake kunja. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa ola limodzi, koma 9 koloko ya ku Lilongwe ndi 10 koloko ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Ku London ndi 8 koloko kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo ndi 7 koloko. Ngatinso bungwe limagwiritsa ntchito Zoom yaulere, msonkhano umaduka pakatha mphindi 40. Nenani zimenezi, ndi kuti ukaduka anthu alowenso pa linki iti.

Nambala ya wothandiza isakhale ya amene akutsogolera msonkhano, chifukwa ameneyo sangayankhe foni ali pakati pa kulankhula. Ikhale ya mlembi kapena wina amene wavomera kukhala tcheru mphindi khumi zoyambirira.

Mukamaliza kulemba, musatumize kaye. Pezani wantchito amene sanalowepo pa Zoom, kaya ndi dalaivala kaya wolandira alendo, mum'patse pepalalo ndi foni, inu mukhale pambali osatsegula pakamwa. Paliponse pamene waima n'kukuyang'anani, chongani, pakuti pamenepo pakusowa mzere. Konzani, yesaninso ndi wina, ndipo akalowa yekha mpaka kumveka, lembani deti pansi pa tsambalo n'kulitumiza.