Hekitala Imodzi Ingadyetse Ziweto Zingati?

Alimi ambiri amawerengera ziweto zawo poyang'ana msipu wa mu Febuluwale, pamene udzu umafika m'chiuno ndipo ng'ombe zimakhuta dzuwa lisanafike paliwombo. Koma mwezi umene umanena zoona za busa ndi Okutobala. M'munsimu muli mafunso amene oweta ng'ombe ndi mbuzi amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi pali chiwerengero chimodzi cha ng'ombe pa hekitala?

Palibe, ndipo amene angakupatseni chiwerengero asanaone malo anu akungolota. Hekitala, yomwe ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, imabala udzu wosiyana malinga ndi mvula, nthaka ndi mtundu wa udzuwo. Tchire la ku Nsanje, kumene mvula imachepa ndipo dzuwa limaotcha, silingafanane ndi dambo la ku Mchinji. Chimene sichisintha kwenikweni ndi mimba ya ng'ombe. Patsiku ng'ombe imadya udzu wouma wokwana makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake. Ng'ombe yachikuda yolemera makilogalamu 250 imafuna makilogalamu oposa pang'ono 6 patsiku, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 2,300 pachaka. Tikunena udzu wouma chifukwa udzu wauwisi ndi madzi okhaokha: pa makilogalamu anayi a msipu wanthete, atatu kapena kuposerapo ndi madzi.

Nanga ndingadziwe bwanji kuchuluka kwa udzu wa pamalo panga?

Mukhoza kuyeza nokha ndi chikwakwa, chingwe ndi sikelo. Kumapeto kwa dzinja, cha mu Epulo, pitani pamalo pamene ziweto sizinadyepo chiyambire mvula. Yezani kabwalo ka mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, mwetani udzu wonse wa m'menemo, ndipo chitani chimodzimodzi malo asanu kapena khumi. Musasankhe pokhapokha pamene udzu wachita bwino. Mwetaninso pouma ndi pamiyala, chifukwa napo ndi pabusa panu. Yanikani udzuwo mpaka uzithyoka, muuyeze, mupeze kulemera kwa kabwalo kamodzi.

Tiyerekeze kuti kabwalo kamodzi kakupatsani magalamu 300. Mu hekitala muli timabwalo totere 10,000, choncho muli ndi makilogalamu 3,000. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti udzu wonsewo ulowa m'kamwa mwa ng'ombe. Wina umapondedwa, wina umanyeredwa ndowe, wina chiswe chimadya, ndipo wina uyenera kutsala dala kuti uphimbe nthaka ndi kusunga mizu yamoyo. Werengerani theka lokha, makilogalamu 1,500. Mukagawa ndi chakudya cha ng'ombe ija cha patsiku, mupeza masiku 240. Ndiye kuti hekitala imeneyi siyingadyetse ngakhale ng'ombe imodzi chaka chathunthu. Patsala miyezi inayi yopanda chakudya. Ng'ombe imodziyo ifunika hekitala imodzi ndi theka. Mbuzi yaikulu ya makilogalamu 30 imadya pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku, choncho hekitala imodzi ija ingasunge mbuzi zinayi, kapena kuposerapo pang'ono ngati pali zitsamba, poti mbuzi imakonda masamba.

Ng'ombe yamkaka ndi nkhani ina. Ya makilogalamu 450 imene ikukamidwa imafuna makilogalamu 12 kapena 13 patsiku, kuwirikiza kawiri yachikuda. N'chifukwa chake alimi a mkaka ku Thyolo ndi Chiradzulu, kumene malo ndi ochepa, amasunga ng'ombe m'khola n'kumazimwetera nsenjere, udzu umene ukathiridwa manyowa umabala kangapo kuposa wa m'tchire.

Kudyetsa mwakasinthasintha n'chiyani, ndipo kumathandiza motani?

Ndi kugawa busa m'zigawo, ziweto n'kumadya chigawo chimodzi kwa masiku ochepa pamene zina zikupuma. Phindu lake lagona pa mmene udzu umakulira. Udzu ukadyedwa, umaphukanso pogwiritsa ntchito chakudya chimene unasunga m'mizu ndi m'tsinde. Masamba atsopano akakula mokwanira, amabweza chakudyacho. Koma ng'ombe ikasiyidwa pamalo amodzimodzi imabwerera pa mphukira zomwezo patangopita masiku ochepa, chifukwa ndi zofewa ndi zokoma, n'kusiya udzu wokhwima. Udzu wabwino umadyedwa mobwerezabwereza mpaka kufa, ndipo wosakoma umatsala n'kumabereka mbewu. Mlimi wina wa ku Falansa, André Voisin, anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1957, ndipo mfundo yake ikadali yoona: chimene chimapha msipu kwambiri ndi kusowa nthawi yopuma.

Zigawo zikhale zingati?

Yambani ndi masiku opuma. M'dzinja udzu umafuna masiku pafupifupi 30 kuti ubwerere. Ngati ziweto zizikhala masiku asanu pachigawo, gawani 30 ndi 5, mupeza 6, kenaka onjezerani chigawo chimodzi chimene ziweto zilipo. Zigawo zikhale 7. Komabe musamangotsatira kalendala. Lowetsani ziweto udzu ukafika cha m'mawondo usanamasule ngayaye, ndipo zitulutseni ukatsala kutalika ngati chikhatho. Mukafika pachigawo n'kupeza kuti sichinabwerere, chidumpheni. Ngati mvula yachuluka ndipo udzu ukukula kuposa mmene ziweto zikudyera, tsekani zigawo ziwiri, mumwete udzuwo ukadali wobiriwira, muuyanike ndi kuusunga pouma. Umenewo ndi umene udzatseke miyezi inayi ija.

Waya si wokakamiza. Mbusa wodziwa malire, monga kuchokera pachulu kukafika pamtengo wakutiwakuti, amagwira ntchito ya mpanda. Amene amamangirira mbuzi pachikhomo nthawi ya dzinja ali kale panjira. Chofunika ndi kusuntha chikhomo ndi kusabwerera msanga pamalo akale. Pabusa la mudzi wonse m'pamene pamavuta, chifukwa munthu mmodzi akapumitsa chigawo, ng'ombe za mnzake zimachidya. Pamenepo pamafunika kuti oweta onse agwirizane pamaso pa amfumu.

Kwa mbuzi pali phindu lina lalikulu. Mazira a njoka za m'mimba amatuluka ndi ndowe, ndipo kukakhala kotentha ndi kwachinyezi, mphutsi zake zimakhala zokonzeka kulowa m'chiweto pasanathe sabata. Zikasowa chozidya, zambiri zimafa m'milungu ingapo. Mbuzi zikachotsedwa pamalo pakatha masiku atatu kapena anayi, n'kudzabwerera patapita milungu isanu, zimapeza mphutsi zochepa. Izi sizichotsa kufunika kwa mankhwala, koma zimachepetsa matenda.

Ndiye kuti ndikayamba kasinthasintha ndingawonjezere ziweto?

Osathamanga. Kasinthasintha amachepetsa udzu wowonongeka ndipo amateteza udzu wabwino, koma sagwetsa mvula. Kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba, udzu wa kumtunda sukula ngakhale muupumitse miyezi itatu. Wotsalawo umakhala wouma ndi wopanda thanzi lokwanira, mwakuti ng'ombe imakhuta koma n'kumawondabe. Wokhala ndi ng'ombe zinayi pa hekitala ya makilogalamu 1,500 ija adzaona udzu utatha m'miyezi iwiri, kaya wagawa zigawo 7 kaya 20. Chiwerengero chimakwera pokhapokha chakudya chikawonjezeka: kubzala udzu wa rodesi kapena nsenjere, kusunga mapesi ndi masangwi a mtedza m'malo mowotcha, kubzala lukina m'malire, ndi kupatsa madeya nthawi ya chilimwe.

Ndingazindikire bwanji kuti ziweto zachuluka?

Busa limayamba kudandaula ziweto zisanayambe. Pakati pa zitsinde za udzu pamaoneka dothi lambee lomwe likukulirakulira chaka ndi chaka. Zitsamba zaminga ndi udzu wolimba umene ng'ombe zimaukana zimalanda malo, ndipo tinjira ta ziweto timasanduka ngalande mvula ikagwa. Kukhola mudzaona nthiti zikuwerengeka mu Ogasiti m'malo mwa Novembala, ndipo ng'ombe zazikazi zimadumpha chaka osatenga bere. Mukaona izi, gulitsani nkhunzi zowonjezera ndi ng'ombe zokalamba cha mu Meyi kapena Juni, zikadali zonenepa, kuti udzu wotsala ukwanire zimene zikubereka.