Mizere inayi yoitanira ophunzira ku msonkhano wa za ntchito

Bungwe la ophunzira pa yunivesite likapeza mlendo woti adzalankhule za ntchito yake, akomiti amataya nthawi yambiri pa chithunzi: mtundu wake, nkhope ya mlendo, chizindikiro cha bungwe. Mawu oyenda limodzi ndi chithunzicho amalembedwa pomaliza, mothamanga, mwina mlembi ali kale pa njira yopita m'kalasi. Chonsecho mawu ochepa amenewa ndiwo amabweretsa anthu m'holo. Wophunzira amene bandulo yatsala pang'ono kumuthera amatseka zoti zithunzi zizilowa zokha pa WhatsApp, ndiye chithunzi chokongola chija amangochiona chambuu. Amawerenga mawu apansiwo, ndipo ngati sakumuuza kanthu amapitirira.

Tiyerekeze kuti bungwe la ophunzira za malamulo ku University of Malawi, ku Zomba, laitana loya. Uthenga woyamba umene ambiri angalembe umamveka chonchi: "Moni nonse! Mawa tili ndi msonkhano waukulu wa za ntchito. Kubwera mlendo wapadera. Musaphonye, tsogolo lanu lili m'manja mwanu!" Mawuwa ndi achisangalalo, koma wowerenga sakudziwa kuti mlendoyo ndani, abwera nthawi yanji, ndiponso apite kuti.

Vuto lalikulu pamenepa ndi mlendo wapaderayo. Wophunzira amasiya laibulale kapena chakudya chamadzulo akaona kuti munthu wobwerayo ali ndi yankho la funso limene likumusowetsa tulo. Kungolemba kuti "loya" nakonso nkosakwanira, pakuti ntchito ya uloya ili ndi nthambi. Pali loya woimira boma pa milandu, pali wolemba mapangano a makampani ndi mabanki, pali wothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, monga amachitira a Legal Aid Bureau. Mtsikana wa chaka chachinayi amene mtima wake uli pa milandu ya malo ndi chuma cha masiye akufuna kudziwa ngati mlendoyo anayendamo m'zimenezo. Ndiye tchulani nthambi yake, kenaka tchulani chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene adzafotokoze. Omaliza digiri ya malamulo ambiri amafuna kumva za maphunziro a ku Malawi Institute of Legal Education, amene ena amadutsako asanaloledwe kuimira anthu m'khoti. Ngati mlendo adzakambapo zimenezi, zilembedwe poyera, chifukwa mzere umenewo wokha ungadzaze mipando.

Ine ndimaona kuti dzina la mlendo si lofunika kwambiri kuposa ntchito yake, pokhapokha akhale munthu wodziwika dziko lonse. Dzina lilembedwe ndithu, molondola komanso ndi ulemu wake, koma litsagane ndi zimene amachita. Musanatchule kumene amagwira ntchito, mufunseni kaye. Ena amabwera paokha, osatumidwa ndi ofesi yawo, ndipo kulemba dzina la ofesiyo kungawaike m'mavuto ndi mabwana awo.

Mawu oti "mawa" ndi msampha. Uthenga wa ophunzira suima pamene mwausiya. Mtsogoleri wa kalasi amautumiza ku gulu lake, wina amaujambula n'kuuika pa sitetasi, wina amauona kutacha. Kwa ameneyo "mawa" lasanduka tsiku lina, ndipo adzafika pa khomo lotseka. Lembani dzina la tsiku ndi deti yake pamodzi, monga Lachitatu pa 14 Meyi, ndipo yang'anani pa kalendala kuti ziwirizi zikugwirizana. Zikasemphana, theka la anthu lidzatsata tsiku, theka lina deti.

Nthawi yoyambira ilembedwe pamodzi ndi yothera. Izi ambiri amaziiwala, koma kwa wophunzira wogona kunja kwa kampasi, ku Chikanda kapena ku Matawale, nthawi yothera ndiyo imamuuza ngati adzabwerere kunyumba kukuwala kapena mumdima. Atsikana makamaka amaliganizira funso limeneli asanavomere kubwera. Msonkhano wolembedwa kuti uyamba 2 koloko masana n'kutha 4 koloko umakopa anthu amene sakanabwera atangoona nthawi yoyambira yokha. Akomiti ayambe aona ndandanda ya maphunziro, kuti ola limenelo lisagundane ndi kalasi ya anthu omwe akuwafunawo, ndipo apewe masabata oyandikira mayeso.

Malo nawo amafuna dzina lenileni. "Pa kampasi" si malo. Ku Zomba kuli Great Hall, kuli Little Theatre, kulinso zipinda zambiri zophunziriramo, ndipo wa chaka choyamba sangazidziwe zonse. Ngati ndi chipinda chosadziwika kwenikweni, onjezani chizindikiro chomulondolera, monga nyumba yoyandikana nayo. Kwa mayunivesite a makampasi angapo nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Wophunzira wa LUANAR ayenera kudziwa ngati akunena ku Bunda kapena ku NRC, ndipo wa KUHeS ayenera kudziwa ngati ndi ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chinanso, musalengeze chipinda musanapatsidwe chilolezo ndi oyang'anira zipinda. Posankhapo muganizire kuchuluka kwa anthu: makumi anayi m'chipinda chaching'ono amaoneka khamu, pamene mu Great Hall mlendo angaganize kuti anthu amukana.

Tikasonkhanitsa zonsezi, uthenga uja ungakhale wotere: "Kodi munthu amayamba bwanji ntchito ya uloya akamaliza digiri? Mayi Uje, loya wa milandu ya malo ndi chuma cha masiye, adzafotokoza za maphunziro a ku MILE ndi kapezedwe ka ntchito yoyamba. Lachitatu pa 14 Meyi, 2 koloko mpaka 4 koloko masana, mu Little Theatre. Kulowa ndi kwaulere, ophunzira a maphunziro ena alionse ndi olandiridwa. Okonza: bungwe la ophunzira za malamulo."

Taonani dongosolo lake. Moni ndi mbiri ya bungwe zachoka kumayambiriro, m'malo mwake pabwera funso la wophunzirayo. Chifukwa chake ndi chakuti WhatsApp ndi Facebook zimadula uthenga wautali n'kuika mawu oti "Read more" kapena "See more", ndipo si onse amadinapo. Chimene chili kumunsi kwa mawu amenewo chili ngati katundu wobisika kuseri kwa kauntala m'golosale, amamupeza yekhayo amene wafunsa. Mzere wonena kuti kulowa ndi kwaulere ndiponso kuti aliyense ndi wololedwa ndi waufupi, koma umachotsa manyazi a wophunzira amene akuopa kubwezedwa pakhomo chifukwa sanalipire ndalama ya umembala. Mauthenga ambiri a pa yunivesite amalembedwa m'Chingerezi, koma dongosololi silisintha.

Kudziwa kuti uthenga walephera nkosavuta. Mukangoutumiza, mafunso akayamba kubwera akuti "kuti?", "nthawi yanji?", "ife a chaka choyamba tibwere?", ndiye kuti china chasowa kapena chabisika. Ndi bwino kuyamba mwapatsa wophunzira mmodzi wosakhala m'komiti kuti auwerenge kamodzi kokha, popanda chithunzi, kenaka anene amene akubwera, tsiku, ola ndi malo. Pamene wakakamira ndi pamene mukonze.

Nthawi zina malo amasintha tsiku lomwelo, mphunzitsi atatenga chipinda chija. Zikatero musakonze uthenga wakale mwakachetechete, pakuti unapita kale kutali ndipo amene anauwerenga sadzabwererakonso. Tumizani watsopano woyamba ndi mawu oti "Malo asintha", mubwereze tsiku ndi nthawi, ndipo wina wa m'komiti amate pepala pa chitseko cha chipinda chakalecho, aimepo mpaka mlendo atayamba kulankhula.