Kutaya malikisi otsikitsitsa: malo amene masamu amapotokera

Teremu ikamatha, mphunzitsi amakhala pansi ndi kaundula wa malikisi. Muli zotsatira za timayeso tosiyanasiyana timene ana analemba m'kati mwa teremu, ndipo zonsezo ziyenera kusanduka nambala imodzi ya pa lipoti. Aphunzitsi ena amalonjeza ana awo kuti kamayeso kamodzi kamene mwana walakwitsitsa sikadzawerengeredwa. Chifukwa chake n'chomveka. Malungo amagwa osauza, maliro nawo saona kalendala ya sukulu, ndipo si bwino kuti tsiku limodzi loipa ligwetse mwana amene wakhala akulimbikira teremu yonse.

Lonjezolo n'losavuta kunena. Povuta ndi powerengera.

Tiyambe ndi mwana wa fomu 2 amene walemba timayeso tisanu, kalikonse ka malikisi 10, ndipo wapeza 8, 7, 9, 3 ndi 8. Tikaphatikiza zonse zikukwana 35, tikagawa ndi 5 avereji yake ndi 7. Kuti titaye 3 uja, tichotsa 3 pa 35 n'kutsala ndi 32, kenako tigawa ndi 4 chifukwa timayeso totsala n'tinayi. Yankho ndi 8. Wotopa amene wachezera kuchonga amaiwala kusintha chogawira, amagawabe ndi 5 n'kupeza 6.4, kutanthauza kuti mwana amene amafuna kumuthandiza uja wamulanga. Pali chizindikiro chogwirira kulakwa kumeneku: timayeso tikakhala tofanana kukula, kutaya malikisi otsikitsitsa sikungatsitse avereji. Ikatsika, bwererani mukawerengenso.

Amene amasunga malikisi pa kompyuta, mu Excel kapena Google Sheets, akhoza kulemba motere ngati malikisi a mwanayo ali m'timabokosi toyambira B2 kulekeza F2:

```
=(SUM(B2:F2)-MIN(B2:F2))/(COUNT(B2:F2)-1)
```

Mawu oti SUM amaphatikiza, MIN amasankha nambala yochepetsetsa, COUNT amawerenga kuti manambala alipo angati. Pali njira ina yooneka yachidule imene imakopa anthu, youza kompyuta kuti ipeze avereji ya malikisi onse oposa otsikitsitsawo:

```
=AVERAGEIF(B2:F2,">"&MIN(B2:F2))
```

Imeneyi imayenda bwino mpaka tsiku limene mwana wapeza malikisi otsikitsitsa kawiri. Wina akhale ndi 6, 6, 8, 9 ndi 10. Lamulo linati titaye kamodzi, choncho 39 kuchotsa 6 ndi 33, kugawa ndi 4 ndi 8.25. Koma njira yachiduleyi imataya ma 6 onse awiri n'kupereka 9. Mwana amene wapeza 7 pa timayeso tonse ndiye amaisokonezeratu, chifukwa imataya zonse n'kusowa chogawa, pa kompyuta n'kungolembeka #DIV/0!.

Njira yoyamba ija nayo ili ndi msampha wake, ndiwo kabokosi kopanda kanthu. Mwana anajomba tsiku la kamayeso kachinayi, mphunzitsi n'kusiya malowo osalembamo. Malikisi ake ndi 8, 7, 9 ndi 4. Popeza MIN ndi COUNT sasamala kabokosi kopanda nambala, kompyuta imataya 4, n'kugawa 24 ndi 3, mwanayo n'kupeza 8. Wakhululukidwa kawiri: kamayeso kamene sanalembe sikanawerengedwe, ndipo kamene analakwa katayidwanso. Mukanalemba 0 m'kabokosi muja, ziroyo ndiye akanatayidwa, ndipo 28 kugawa ndi 4 akanapeza 7. Ngati kujombako kunali ndi chifukwa chomveka, mphunzitsi akhoza kusankha kusiya malowo opanda kanthu, koma achite zimenezo akudziwa, osati kompyuta imusankhire.

Nkhani imakula timayeso tikasiyana kukula, ndipo m'kalasi yeniyeni zimakhala choncho kawirikawiri. Lero kamayeso ka malikisi 10, sabata yamawa ka 50, kenako ka 40. Apa mawu oti "otsikitsitsa" amasiya kukhala ndi tanthauzo limodzi.

Taonani mtsikana amene wapeza 9 pa 10, 20 pa 50, ndi 30 pa 40. Zonse pamodzi ndi 59 pa 100. Nambala yaing'ono pa zitatuzi ndi 9, ndipo kompyuta ikangouzidwa kuti MIN itola imeneyo. Koma 9 pa 10 ndi pamene mtsikanayu anakhoza koposa. Tikataya pamenepo atsala ndi 50 pa 90, amene ndi 55.6 peresenti, kutsika kuchoka pa 59. Choncho nambala yokha, popanda kuona kuti inali pa malikisi angati, siyenera kutiuza choti titaye.

Wina anganene kuti tiziyang'ana maperesenti basi. Ndi bwinoko ndithu, komabe sizithera pomwepo. Mnyamata wapeza 2 pa 10, 15 pa 50, ndi 36 pa 40. M'maperesenti ndi 20, 30 ndi 90, ndipo pamodzi ali ndi 53 pa 100. Peresenti yotsikitsitsa ndi ya kamayeso koyamba. Tikataya kameneko atsala ndi 51 pa 90, kapena kuti 56.7 peresenti. Wakwera pang'ono chabe. Nanga tikataya kachiwiri, ka 15 pa 50? Atsala ndi 38 pa 50, amene ndi 76 peresenti. Kusiyana kwake n'kwakukulu chifukwa pa kamayeso kakang'ono kaja anangoluza malikisi 8, pamene pa kachiwiri analuza 35. Katundu amene akumulemera ndi wachiwiriyo, ngakhale peresenti yake ili yokwererapo. Akatswiri awiri a masamu, Daniel Kane ndi Jonathan Kane, analemba nkhani yonse ya vuto lomweli m'magazini ya Mathematics Magazine mu 2006, n'kusonyeza kuti kusankha zotaya kumavuta kwambiri pamene mukutaya timayeso tingapo tosiyana kukula. Potaya kamodzi kokha palibe chodetsa nkhawa: yesani kutaya kalikonse pakokha, muone yankho lililonse.

Palinso njira yachitatu, yosandutsa kamayeso kalikonse kukhala peresenti musanachite china chilichonse, ngati kuti tonse n'tolemera mofanana. Mnyamata uja ali ndi 20, 30 ndi 90. Tikataya 20, avereji ya 30 ndi 90 ndi 60.

Mwana mmodzi, mapepala omwewo, mayankho atatu: 56.7, 60 ndi 76. Palibe pamene masamu alakwika. Chasiyana ndi lamulo limene mphunzitsi watsata. Ine ndimakonda njira yachitatu ngati timayesoto tinali tofunika mofanana, chifukwa ndi yosavuta kufotokozera kholo limene labwera ndi lipoti m'manja. Njira yotaya kamene kakupindulitsa mwana koposa ili ndi chilema choti mwana akhoza kunyozera dala kamayeso kakakulu, kamene mwina kanali ndi phunziro lofunika kwambiri, n'kutulukabe ndi malikisi okongola. Ngati kamayeso kena n'kakakulu kwambiri kuposa tinzake, kuli bwino kukapatula n'kunena kuti aka sikatayidwa.

Tisabisenso kuti lamulo lotaya limakondera. Mwana wathu woyamba uja, wa 8, 7, 9, 3 ndi 8, anakwera kufika pa 8. Mnzake amene anapeza 7 kasanu konse anali ndi 35 yemweyo, koma iye watsala pa 7. Wokhazikika sapindula kanthu, wokwera n'kutsika ndiye amadyerera. Kukonderaku kumakula timayeso tikachepa: kutaya kamodzi pa titatu n'kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a umboni wonse, pamene pa timayeso 10 sikusuntha zinthu kwambiri.

Aphunzitsi, lamulo lanu lilembeni pa bolodi sabata yoyamba ya teremu, musanaone malikisi a mwana aliyense: titaya kangati, tiyeza bwanji kutsika kwake, ndipo wojomba timulembera chiyani. Mukakonza fomula pa kompyuta, iyeseni ndi ana atatu musanaikhulupirire, wa malikisi otsikitsitsa obwereza, wojomba, ndi wa timayeso tosiyana kukula, ndipo mayankho awo muwawerengenso papepala ndi pensulo.