Utoto wa dothi ndi chidede pa masewera a ana ojambula

Makalabu a ana ojambula m'masukulu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sasowa utoto, pakuti katondo wofiira ali paliponse pamene madzi anakumba chigwembe, ndipo makande akuda ali kudambo. Vuto limabwera chithunzi chikauma. Mwana amene watha masana onse akujambula phiri la Ntchisi amapeza m'mawa mwake utoto ukuyoyoka ngati fumbi, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepo. Chimachititsa ndi mchenga wotsalira m'dothi komanso kusowa kwa chomatira.

Mchenga amauchotsa ndi madzi. Dothi likumbidwe pansi pa nthaka yakuda ya pamwamba, liyanikidwe, kenaka lisinjidwe. Kapu imodzi ya dothilo ithiridwe m'botolo pamodzi ndi makapu atatu a madzi, ndipo botolo likhutchumulidwe kwambiri. Likakhala mphindi imodzi, mchenga umatsikira pansi chifukwa ndi wolemera, koma dothi losalala limakhala likuyandamabe. Madzi ofiirawo atsanulidwe pang'onopang'ono m'chitini china ndi kugonekedwa usiku wonse. M'mawa, madzi oyera a pamwamba akatayidwa, pansi pamatsala phala losalala ngati mafuta. Likamakhakhala pakati pa zala, ndiye kuti wotsanula anafulumira, ndipo ntchitoyo ibwerezedwe.

Chomatira chosavuta ndi phala la ufa wa chinangwa: supuni yaikulu imodzi m'kapu ya madzi, kuphika ndi kutakasa mpaka liyambe kuonekera mkati. Likazizira, supuni imodzi ya phalali isakanizidwe ndi masupuni awiri a dothi lija. Mphunzitsi ayambe wapaka kamzere pa katoni, kaume, ndipo akapukute ndi chala. Chala chikafiira, chomatira chachepa. Utoto ukang'ambika ngati matope a m'chilimwe, unapakidwa wochindikala ndipo ufunika madzi. Phalali limasasa pakapita masiku awiri kapena atatu, choncho liziphikidwa lokwanira tsiku limodzi. Dothi losefedwalo likaumitsidwa limasungika chaka chonse.

Masewera oyamba amachokera pa dothi lomweli. M'kalabu ya ana makumi awiri, aliyense abweretse dothi la kumudzi kwawo, ndipo akalikonza apake mzere pa katoni imodzi yaikulu, dzina la mudzi atalilemba kuseri. Magulu awiri apikisane kulota kumene mzere uliwonse wachokera, kumtunda kapena kudambo. Ana amadabwa kuona kuti "kufiira" kuli mitundu yambiri. Wina akabweretsa dothi lachikasu, theka lake likazingidwe pa phale loikidwa pa makala oyaka bwino: limasanduka lofiira, chifukwa moto umachotsa madzi omangika m'dzimbiri limene limapatsa dothilo mtundu. Pambuyo pake gulu lililonse lijambule msika wa Mponela kapena munda wa kwawo ndi mitundu itatu yokha: katondo, makala osinja ndi njereza. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhuku pa mizere yopyapyala.

Zomera zili ndi khalidwe lina, ndipo chidede ndicho chimalionetsa bwino. Dzanja limodzi la makoko ake ofiira liwiritsidwe m'kapu ya madzi mpaka madziwo atsale theka. Pambali, phulusa liviikidwe m'madzi ndi kusefedwa ndi kansalu. Mwana mmodzi ajambule nyama pa pepala loyera ndi madzi a phulusawo, amene akauma saoneka bwino. Mnzake apake chidede pepala lonse mopepuka, kamodzi kokha, ndipo nyamayo imatulukira yobiriwira pakati pa kufiira, ena onse akupikisana kuitchula isanaoneke yonse. Dontho la mandimu likagwera pa chobiriwiracho, kufiira kumabwerera. Madzi a phulusa amayabwa m'maso, motero ang'onoang'ono asawagwire okha. Utomoni wa nkhadze ndi njere za nsatsi zisayandikire n'komwe pa tebulo lojambulira, ndiponso palibe chifukwa chosendera makungwa a mlombwa kapena kulowa m'nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi kukafuna utoto.

Chidede, mabulosi ndi madzi a masamba a nkhwani zimafwifwa zikakhala padzuwa, ndipo zobiriwira za masamba zimasanduka zofiirira pasanapite nthawi yaitali. Dothi silitero. Zojambula zofiira ndi zoyera za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, zikuonekabe lero. Choncho chithunzi chimene kalabu ikufuna kukapachika ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu kapena kukaonetsa pa msonkhano wa makolo chijambulidwe ndi dothi ndi makala, ndipo chidede chisungidwire masewera a tsiku lomwelo.