Mungakane bwanji msonkhano osataya kasitomala?

Tiyerekeze kuti mumagulitsa tomato pa Mvera, m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Salima. Mwini lesitilanti amene mumamuperekera katundu ku Lilongwe wakuitanani Lachisanu kuti mukakambirane. Mukapita, mulipira minibasi popita ndi pobwera, benchi ikhala yotseka tsiku lonse, pomwe tomato wakupsa sadikira munthu.

Choyamba funsani kuti nkhani yake ndi yotani. Ngati ndi mtengo ndi tsiku lobweretsa katundu basi, zimenezo zitha kuthera pafoni.

Yankhani tsiku lomwe mwaitanidwalo. Osanena kuti "ndiona," chifukwa mnzanuyo adzakudikirani, ndipo mukapanda kufika adzayamba kufunafuna wina. Mutha kulemba motere:

"Zikomo bwana pondiitana. Pepani, Lachisanu sinditha kufika, ndilibe wondigwirira pabenchi. Kodi ndingakuimbireni Lachinayi 6 koloko madzulo kwa mphindi 10? Ngati nthawiyo simupezeka, ndikulemberani mitengo pa WhatsApp lero lomwe."

Onani kuti uthengawu watchula tsiku ndi ola. Imbani ndinu, pa mayunitsi anu, popeza mwakana ulendo ndinu. Mukadula foni, lembani zomwe mwagwirizana: madengu angati, mtengo wa dengu, tsiku, ndi wolipira thiransipoti. Mpempheni ayankhe kuti wavomera, apo ayi mudzakangana katundu atafika kale.

Koma ngati nkhani ndi ya ngongole, kusainirana, kapena dandaulo la katundu woola, musakane. Pemphani tsiku lina, mupite nokha.