Chigumula Chimodzi, Nkhani Ziwiri?

Kodi Nowa analowetsa nyama zingati m'chingalawa? Genesis 6:19 imati ziwiriziwiri za mtundu uliwonse. Ukangotsika pang'ono, pa Genesis 7:2, nyama zosadetsedwa zija zasanduka zisanu ndi ziwiri pa mtundu uliwonse. Apa ndiye pamene akatswiri a Baibulo amagonetsa mfundo yawo yoti mabuku asanu oyamba, Genesis mpaka Deuteronomo, analumikizidwa kuchokera ku zolembedwa zingapo.

Chidwi chili pa dzina la Mlengi. Ndime ya ziwiriziwiri imamutchula Elohimu m'Chiheberi, kutanthauza Mulungu, pomwe inayo imati Yehova. Mu 1753, sing'anga wa ku Falansa, Jean Astruc, anasiyanitsa ndime za Genesis potsata mayina awiriwa, ndipo mu 1878 Julius Wellhausen wa ku Jeremani anakhwimitsa ganizo la magwero anayi: J, E, D ndi P.

Dzina palokha si umboni wokwanira, poti munthu mmodzi angathe kusinthasintha mayina. Chimene chimapatsa mfundoyi mphamvu n'chakuti zizindikiro zimayendera limodzi. M'ndime za Yehova mvula imagwa masiku 40, ndipo potuluka Nowa amapereka nsembe ya nyama zosadetsedwa. N'chifukwa chake panafunika zapadera, kuti mtundu usathe. M'ndime za Elohimu madzi amasefukira masiku 150, miyezi ndi masiku zimawerengedwa mosamala, koma za nsembe palibe.

Ena, monga Umberto Cassuto, anakana zonsezi, nati kubwereza ndi luso la alembi akale a Chiheberi. Ngakhale ovomereza amatsutsana pa J ndi E, koma pa ndime za ansembe, zotchedwa P, ambiri amagwirizana.