Amoniya akapsa kwambiri amachepa: masamu a m'fakitale ya feteleza

Thumba la yuleya limene mlimi amathira m'chimanga chikafika m'mawondo limayambira kutali, m'mafakitale a maiko akunja, ndipo limayamba ngati mpweya. Akatswiri amatenga naitirojeni, amene ali wambirimbiri mumpweya umene timapumawu, n'kumuphatikiza ndi haidirojeni kuti apange amoniya. Amoniyayo ndiye amasandutsidwa yuleya. Njirayi anaitulukira Fritz Haber ku Jeremani mu 1909, ndipo Carl Bosch anaikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913.

Koma m'fakitale yotere muli chinthu chozunguza mutu. Mipweya iwiriyi imatenthetsedwa kufika madigiri 400 kapena 500, chonsecho kutentha kukamakwera, amoniya amene angapezeke amachepa. Amachepa motani? Funso limeneli lili ndi yankho la manambala, ndipo limapezeka ndi mzere umodzi wa masamu wotchedwa ndi dzina la Jacobus van 't Hoff, katswiri wa kemisitiri wobadwira ku Rotterdam. Iye anafotokoza za ubale umenewu m'buku lake la mu 1884, ndipo mu 1901 anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thanki yotsekedwa.

```
N2 + 3H2 ⇌ 2NH3
```

Mivi iwiri yoloza uku ndi uku ikunena kuti ntchitoyi imapita ndi kubwerera. Pamene naitirojeni ndi haidirojeni zikugwirana kupanga amoniya, amoniya wina amakhala akuphwasuka kubwerera mwakale. Imafika nthawi imene kupangika ndi kuphwasuka kumayenda pa liwiro lofanana. Zili ngati msika masana, pamene olowa pachipata akufanana ndi otuluka: anthu sanaime, koma chiwerengero cha amene ali mkati sichikusintha. Zikafika pamenepo, akatswiri amayeza kuchuluka kwa mpweya uliwonse n'kupeza nambala imodzi imene amailemba ndi chilembo K. Pamwamba amaika amoniya, pansi naitirojeni ndi haidirojeni. K akakhala wamkulu ndiye kuti amoniya wachuluka. Akakhala kachigawo kakang'ono ka 1, mipweya yambiri yangokhala osagwirana.

Pa kutentha kumodzi, K sasintha, kaya muwonjezere mpweya kapena muupanikize. Chimene chimamusuntha ndi kutentha basi. Ndipo kukula kwa kusunthako kumadalira nambala ina, yotchedwa entalupi, imene imalembedwa ΔH. Iyi imanena kuchuluka kwa kutentha kumene kumatuluka kapena kumezedwa zinthu zikamaphatikizana. Kupanga amoniya kumatulutsa kutentha, makilojulo pafupifupi 92 pa molo iliyonse ya naitirojeni, ndipo popeza kutenthako kukuchoka, nambalayo imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. Molo ndi muyeso wa kuchuluka kwa zinthu m'kemisitiri, ndipo ya naitirojeni imalemera magalamu 28.

Masamu a van 't Hoff, m'maonekedwe amene amagwirizanitsa kutentha kuwiri, ndi awa:

```
ln(K2/K1) = −(ΔH/R) × (1/T2 − 1/T1)
```

Asakuopseni. K1 ndi K amene tikumudziwa kale pa kutentha T1. K2 ndi amene tikumufuna pa kutentha T2. R ndi nambala yosasintha, 8.314. Koma ln ndiye amafuna kumumvetsa pang'ono, chifukwa ndi amene amabisa kukula kwa nkhaniyi. Iye amawerenga kuchulukitsa m'malo mwa kuphatikiza. Dzanja lamanja likakwera ndi 2.3, K wachuluka kakhumi. Likatsika ndi 2.3, K wachepa kakhumi. Likatsika ndi 4.6, K wachepa ka 100. Choncho kanambala kooneka kakang'ono kumanja kangathe kugwetsa K mochititsa mantha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa madigiri 25, K wa kupanga amoniya ndi pafupifupi 600,000. Nambala imeneyi ikunena kuti pa kutentha kwa m'nyumba, zinthu zitati zifike pokhazikika, amoniya angakhale wochuluka zedi. Tikufuna K pa madigiri 400. Choyamba timasintha madigiri kukhala makeluvini powonjezera 273, chifukwa masamuwa amawerenga kutentha kuyambira pa kuzizira kotheratu. Ndiye T1 ndi 298, T2 ndi 673. Chachiwiri, makilojulo timawasandutsa majulo kuti agwirizane ndi R.

```
−ΔH/R = 92200 / 8.314 = 11090
1/673 − 1/298 = −0.00187
11090 × (−0.00187) = −20.7
```

Tsopano gawani 20.7 ndi 2.3. Yankho ndi 9. Ndiye kuti K wachepa kakhumi, kenako kakhumi, mpaka maulendo 9, kumene kuli kuchepa ka 1 biliyoni. Kuchoka pa 600,000, wafika pa 0.0006. Mipweya ndi yomweyo, thanki ndi yomweyo, changosintha ndi moto.

Taonani mmene zizindikiro zagwirira ntchito, pakuti apa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Popeza ΔH ndi yochotsera, chigawo choyamba chakhala chophatikiza. Popeza T2 ndi wamkulu kuposa T1, chigawo chachiwiri chakhala chochotsera. Zikachulukitsana, yankho ndi lochotsera, ndipo K watsika. Ntchito yomeza kutentha, monga kuotcha miyala kuti ikhale laimu, ili ndi ΔH yophatikiza, ndiye zonse zimatembenuka: moto ukakula, K amakwera. Munthu wozolowera amaona mbali imene yankho liyenera kulowera asanagwire n'komwe kakyuleta, ndipo akapeza K wa amoniya atakwera pa moto waukulu, amadziwa kuti chizindikiro china chamupulumuka.

Zolakwa zina ziwiri zimadziulula zokha ngati munthu ayang'ana yankho lake ndi maso awiri. Woiwala kusintha makilojulo amapeza 0.02 pamalo pa 20.7, ngati kuti madigiri 375 owonjezera sanasinthe chilichonse. Wogwiritsa madigiri wamba, 25 ndi 400, amapeza nambala yopitirira 400, imene ingatanthauze kuti padziko pano palibe fakitale imene ingapange amoniya. Koma pali cholakwa chachitatu chimene chimabisala. Mabuku ena amalemba entalupi ya molo imodzi ya amoniya, imene ndi makilojulo 46, theka la 92. Nambala zonsezi n'zoona. Chofunika n'chakuti ΔH ndi K zichokere pa kalembedwe kamodzi. Mukatenga K wa mzere wokhala ndi amoniya awiri n'kumuphatikiza ndi 46, mudzapeza kuti K wachepa ka 30,000 kokha m'malo mwa 1 biliyoni, ndipo yankholo lidzaoneka ngati labwinobwino.

Nanga 0.0006 uja ndi woona? Akatswiri anayeza K pa madigiri 400 ndipo anapeza pafupifupi 0.00016. Yankho lathu lakula pafupifupi kanayi. Wina anganene kuti masamuwa alephera. Ine ndikuona kuti kulosera kugwa kwa mabiliyoni n'kuphonya kanayi kokha si ntchito yochepa, koma injiniya womanga fakitale ya ndalama zankhaninkhani sangakhutire nazo, ndipo ayenera kudziwa kumene kuphonyako kwachokera.

Kwachokera pa chinthu chimene tinachivomera mwakachetechete. Mzere woyambirira wa van 't Hoff umanena za kusintha kwa K kutentha kukangosuntha pang'ono chabe. Kuti tilumphe kuchoka pa 298 kufika pa 673, timaphatikiza timasitepe tating'onoting'ono tonse ta pakati, ndipo kuti kuphatikizako kutuluke mzere waufupi umene talemba pamwambawu, timayerekeza kuti ΔH ndi yomweyo njira yonse. Si choncho. Naitirojeni mmodzi ndi haidirojeni atatu amafuna kutentha kochuluka kuti akwere digiri imodzi kusiyana ndi amoniya awiri amene amatulukamo, ndipo kusiyana kumeneku kumaunjikana moto ukamakwera. Pofika madigiri 400 mpaka 500, kutentha kotuluka kumakhala kutafika cha m'ma 105 m'malo mwa 92. Tinagwiritsa nambala yochepa, ndiye K wathu sanagwe mokwanira.

Chokoma n'chakuti masamu omwewo amatha kutiuza zimenezi tikawayendetsa chobwerera. Pa madigiri 400 K woyezedwa ndi 0.000164, pa madigiri 500 ndi 0.0000145. Tsopano chosadziwika ndi ΔH.

```
ln(0.0000145/0.000164) = −2.43
1/773 − 1/673 = −0.000192
ΔH = −8.314 × (2.43/0.000192) ≈ −105000
```

Majulo 105,000, kapena kuti makilojulo 105, apezeka popanda kuyeza kutentha kotuluka m'thanki. Tangoyeza mipweya pa moto uwiri woyandikana. Mmenemu ndi mmene akatswiri amapezera entalupi ya zinthu zambiri zovuta kuziyeza mwachindunji. Nthawi zambiri sadalira miyeso iwiri yokha. Amayeza K pa kutentha kosiyanasiyana, n'kujambula galafu ya ln K moyang'anizana ndi 1/T. ΔH ikakhala yosasintha, timadontho timandandalika pa mzere wowongoka, ndipo kupendekeka kwa mzerewo kumapereka ΔH. Mzere ukayamba kupindika, ndiye chizindikiro chakuti mtunda wa kutentha watalika, ndipo pafunika kuudula m'zigawo zazifupi kapena kuwerengeramo mmene ΔH ikusinthira.

Funso limene latsala ndi lakuti, ngati K ndi wamkulu chonchi pa madigiri 25, amavutikiranji ndi moto? Masamu a van 't Hoff amanena za kumene zinthu zidzakhazikike, koma sanena kuti zidzafikako liti. Maatomu awiri a naitirojeni amagwirana mwamphamvu kwambiri, moti pa kutentha kwa m'nyumba mungasunge mipweyayi m'thanki zaka ndi zaka osaona amoniya. Chitsulo chimene amaika m'thanki kuti chifulumizitse ntchito chimayamba kugwira bwino pa madigiri pafupifupi 400, ndipo sichisintha K ngakhale pang'ono, chimangofupikitsa ulendo. Choncho eni fakitale amalola K wochepa kuti apeze liwiro, ndipo zotayikazo amazibweza mwa njira zina. Amapanikiza mipweyayo kuposa mpweya wa panja ka 150 kapena 200, chifukwa mamolo anayi akamasanduka awiri, kupanikiza kumakankhira zinthu ku mbali ya amoniya ngakhale K ali pomwepo. Kenako amaziziritsa mpweya wotuluka kuti amoniya asanduke madzi n'kumuchotsa, ndipo naitirojeni ndi haidirojeni zotsala amazibwezera m'thanki kuti zizungulirenso.